Chifukwa chake makampani obetchetsa mpira amaikira malire anthu opambana

M'misika ya Mandimba, Massangulo ndi Cuamba, kubetcha pa mpira kunalowa m'thumba la munthu aliyense wokhala ndi foni. Ndalama zimachoka pa M-Pesa kapena pa e-Mola, tikiti imatuluka, munthu n'kudikira kuti mpira uthe. Ambiri amaluza, ndipo kampani siwaletsa kubetchanso mawa. Koma pali anthu ochepa amene amapambana kawirikawiri, ndipo amenewa tsiku lina amapeza kuti akaunti imene inkalandira mametikali 500 ikungolola 50 kapena 5. Nkhani ino ikufotokoza chimene chimachititsa zimenezi, mmene kampani imamuzindikirira munthu wotere, ndi tanthauzo lake kwa aliyense amene akuganiza kuti kubetcha kungakhale ntchito ya zaka zambiri.

Kodi malire ndi chiyani?

Masewero aliwonse amene kampani yaika ali ndi ndalama yaikulu imene munthu angabetche. Ameneyo ndi malire a anthu onse. Koma pa akaunti iliyonse kampani imasunganso nambala yake yobisika, yosonyeza gawo la malire onsewo limene mwini akauntiyo akuloledwa. Munthu watsopano amayamba ndi gawo lonse. Kampani ikayamba kumukayikira, imatsitsa nambalayo kufika pa theka, pa gawo limodzi mwa magawo khumi, ngakhalenso pa limodzi mwa 100.

Nthawi zambiri mwini wake sauzidwa. Amangoona kuti akalemba ndalama, foni ikukana n'kuonetsa mawu onga "aposta máxima" ndi kandalama kochepa pambali pake. Ena amaona kuti tikiti yawo ikuchedwa kulandiridwa, chifukwa wantchito wa kampani akuyamba waiona kaye. Ena amasiya kulandira mabonasi amene anzawo akulandira. Akaunti imakhala yotsegula ndithu, koma yopanda mphamvu.

Kampani imatha kuchita zimenezi chifukwa cha malamulo a akaunti amene munthu amavomereza polembetsa, aja ambiri amangodina osawerenga. M'malamulo amenewo makampani amadzipatsa ufulu wokana betcha iliyonse, kapena kulandira gawo lake lokha, popanda kupereka chifukwa.

Kumene phindu la kampani limachokera

Kuti malire amveke bwino, pafunika kudziwa kaye mmene kampani imapezera ndalama. Nambala imene imaoneka pambali pa timu, imene obetcha amaitcha maodzi, ndiyo mtengo. Tiyerekeze masewero amene ali ndi mbali ziwiri zofanana mphamvu, monga funso loti zigoli zikwana zitatu kapena sizikwana. Mwayi ukakhala wofanana, mtengo wachilungamo ndi 2.00 mbali iliyonse: wobetcha 100 akapambana alandire 200. Koma kampani siika 2.00. Imaika 1.90 uku ndi 1.90 uko.

Anthu 100 akabetcha mametikali 100 aliyense, theka mbali iyi theka mbali inayo, kampani imatolera 10,000. Opambana ndi 50, ndipo aliyense alandira 190. Zonse zotuluka ndi 9,500. Mametikali 500 atsala m'manja mwa kampani, kaya mpira watha bwanji. Ndiye kuti pa 100 iliyonse yobetchedwa, 5 ndi ya kampani masewero asanayambe n'komwe.

Tikiti ya masewero ambiri, ija pa foni imalembedwa kuti "múltipla", imachulukitsa gawo limeneli. Munthu akaika mametikali 20 pa masewero khumi a 1.90, akhoza kulandira ndalama yopitirira pang'ono 12,000. Koma mwayi woti onse khumi alowe ndi umodzi pa 1,024. Matikiti 1,024 a mametikali 20 ndi ndalama yoposa 20,000. Kampani yatolera 20,000, yabweza 12,000. Pa tikiti yotere gawo la kampani silikhalanso 5 pa 100, limafika pafupifupi 40.

N'chifukwa chake mnyamata wa ku Mitande amene wapata 12,000 ndi tikiti ya 20 saopsa kampani. Amamulipira mosangalala, ndipo opambana otere ndi amene zithunzi zawo zimaikidwa pa zotsatsa malonda. Kampani ikudziwa kuti unali mwayi chabe, ndiponso kuti iye ndi anzake onse amene amva nkhaniyo abwera ndi matikiti ena.

Munthu amene kampani imamuopa

Amene kampani imamuopa ndi wogula mtengo wolakwika. Mitengo ya masewero imaikidwa masiku angapo mpira usanachitike, ndipo imasintha pamene nkhani zikubwera ndi ndalama zikulowa. Mtengo womaliza, wa pa nthawi imene woimbira akuliza wezulo yoyamba, ndiwo umakhala pafupi kwambiri ndi choonadi, chifukwa pofika pamenepo zonse zadziwika: amene wavulala, amene wakhala pa benchi, mmene bwalo lilili.

Alimi a fodya ndi nandolo amadziwa bwino za wogula amene wamva mtengo wa mawa anzake asanaumve. Amayenda m'midzi lero n'kugula pa mtengo wa dzulo. Wobetcha wochenjera amachita chimodzimodzi, koma amene akugulidwa motchipa ndi kampani.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Munthu wa ku Cuamba amatsata kwambiri Moçambola. Lachiwiri wamva kuti timu ina ipita kukasewera kutali popanda osewera ake atatu odalirika, ndipo kampani sinasinthe mitengo. Wabetcha mametikali 500 pa eni bwalo pa mtengo wa 2.20. Pofika Lamlungu nkhaniyo yafalikira, mtengo watsika kufika pa 1.90. Monga taonera, 1.90 ya kampani ingatanthauze kuti mwayi weniweni ndi theka, ndipo mtengo wachilungamo ndi 2.00. Iye anagula pa 2.20 chinthu choyenera 2.00.

Akachita zimenezi ka 100, wabetcha 50,000 yonse pamodzi. Akapambana theka la masewerowo, alandira 1,100 ka 50, yomwe ndi 55,000. Phindu lake ndi 5,000, ndipo ndalama imeneyi ikuchokera m'thumba la kampani. Si mwayi ayi, ndi masamu omwe aja a kampani, koma atatembenuka.

Kompyuta ya kampani siyembekezera kuti munthuyu afike pa 5,000. Pa tikiti iliyonse imayerekeza mtengo umene iye anatenga ndi mtengo womaliza. Munthu wamba nthawi zina amatenga wabwino, nthawi zina woipa. Koma amene amatenga woposa womaliza pafupifupi nthawi zonse amaonekera msanga, ngakhale pa matikiti makumi ochepa chabe. N'chifukwa chake ena amaikiridwa malire asanapambane kalikonse. Mwina masewero oyambirira sanawayendere, koma kagulidwe kawo kaulula kale kumene akupita.

Pali zizindikiro zinanso zimene makampani amayang'ana. Kubetcha masewero amodziamodzi m'malo mwa tikiti yaitali ndi chimodzi. China ndi kubetcha mitengo ikangotuluka, kapena mphindi zochepa isanatsike. China ndi kukonda mipikisano ing'onoing'ono. Pa ligi yaikulu ya ku England kampani ili ndi chidziwitso chambiri ndipo mitengo yake silakwika kawirikawiri. Pa masewero a Ferroviário de Lichinga, kapena a matimu a ku Malawi monga Silver Strikers ndi Mighty Wanderers, munthu wokhala pafupi akhoza kumva nkhani woika mitengo asanaimve. Kampani ikudziwa kufooka kwake kumeneku, ndiye malire a masewero otere amakhala otsika kwa aliyense, ndipo wopambanapo kawirikawiri amaonedwa mwachangu. Chomaliza ndi kubetcha mbali zonse za masewero amodzi m'makampani awiri osiyana mitengo, kuti phindu lipezeke kaya wapambana ndani, komanso kutsegula akaunti chifukwa cha bonasi yokha.

Zimene zinaoneka kunja

Khalidweli ndi la malonda a kubetcha padziko lonse. Mu 2017 katswiri wina wa pa yunivesite ya ku Tokyo, Lisandro Kaunitz, ndi anzake awiri anafalitsa kafukufuku wa nkhani yomweyi. Iwo sankalosera mpira. Ankangoyerekeza mitengo ya makampani ambiri, n'kubetcha pamene kampani imodzi yaika mtengo wokwera kuposa anzake. Atayesa ndi ndalama zenizeni kwa miyezi isanu, anabetcha ka 265 ndipo anapindula madola a ku Amerika oposa 900. Kenaka makampani anayamba kuwachepetsera ndalama zimene angabetche, mpaka anasiya. Njira yawo inali yololedwa ndipo inkagwira ntchito. Chimene chinatha ndi malo oigwiritsira ntchito.

Mu Julaye 2025 bungwe loyang'anira juga ku Britain linatulutsa ziwerengero zochokera ku makampani aakulu a kumeneko. Pa maakaunti pafupifupi 15 miliyoni, anayi pa 100 aliwonse anali ataikiridwa malire a mtundu wina m'chaka chimodzi. Pakati pa obetcha onse, amene anali ndi phindu chiyambire anali 25 pa 100. Koma pakati pa oikiridwa malire, a phindu anali pafupifupi 47 pa 100. Ziwerengerozi zikunena zinthu ziwiri. Wopambana ndiye amakumana ndi malire kawirikawiri, komabe pafupifupi theka la oikiridwa malire anali oluza, zomwe zikugwirizana ndi mfundo ija yoti kampani imayang'ana kagulidwe, osati ndalama yopata yokha.

Madera ena anayesa kuteteza obetcha. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, kuyambira 2014 makampani amakakamizidwa kulandira betcha ya aliyense pa mipikisano ya mahatchi mpaka pa mlingo woikika. Koma lamulo lotere ndi la malo ochepa, ndipo ndi la mahatchi, osati mpira.

Malire si chimodzimodzi ndi kukanizidwa ndalama

Anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi malire a kubetcha, amene tafotokoza. Amenewa amakhudza matikiti a m'tsogolo okha. Tikiti imene kampani inailandira kale, ndipo yapambana, iyenera kulipidwa, pokhapokha ngati mtengo unali wolakwika moonekeratu, monga 20.0 m'malo mwa 2.00, zomwe malamulo a akaunti amalola kampani kufafaniza.

Chachiwiri ndi ndalama yaikulu imene tikiti imodzi ingalipire. Imeneyi ndi ya aliyense ndipo imalembedwa m'malamulo a kampani. Munthu akalumikiza masewero ochuluka kwambiri, nambala imene akuwerengera ikhoza kupitirira mlingowo, ndipo yapamwambayo salandira.

Chachitatu ndi kuimitsidwa kwa ndalama pofuna kutsimikiza mwini akaunti. Kampani imapempha chiphaso, monga BI, ndipo dzina la pa chiphasocho liyenera kufanana ndi la pa akaunti komanso la pa nambala ya foni yolandirira ndalama. Apa ndi pamene anthu a m'malire a dziko amagwera m'mavuto. Pakati pa Mandimba ndi Chiponde si zachilendo munthu kukhala ndi simu ziwiri, ya ku Mozambiki ndi ya ku Malawi, ndipo ina mwa izo inalembetsedwa m'dzina la amalume, la mkazi kapena la mnzake. Poika ndalama palibe amafunsa. Funso limabwera pa tsiku lotapa ndalama yaikulu, ndipo maina akasiyana kampani imakhala ndi chifukwa choimitsira zonse.

Amene akuona kuti wakanizidwa ndalama yake mopanda chilungamo ayenera kusunga chithunzi cha tikiti, nambala yake, tsiku, ndi mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola, kenaka alembere kampaniyo. Zikakanika, ku Mozambiki bungwe la boma lopereka ziphaso ndi kuyang'anira makampaniwa ndi Inspecção Geral de Jogos. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa Malawi Gaming and Lotteries Authority. Bungwe lililonse lili ndi mphamvu pa makampani a chiphaso cha dziko lake lokha. Wokhala ku Ngauma amene akubetcha pa kampani yopanda chiphaso cha ku Mozambiki alibe khomo logogoda m'dziko muno.

Mmene malire amasinthira mawerengero a zaka zambiri

Tibwerere kwa munthu wa ku Cuamba uja. Pa mametikali 500 tikiti iliyonse, matikiti 100 amamupatsa 5,000. Kampani ikamutsitsa kufika pa gawo limodzi mwa khumi, akubetcha 50, ndipo ntchito yomweyo ikumupatsa 500. Ikamutsitsa kufika pa 5, phindu la matikiti 100 ndi mametikali 50, osakwana ngakhale mamega amene wathera posaka nkhani. Luso lake silinachepe, koma munda wolimapo watha.

Ndiponso chitsanzochi n'chokomera wobetcha. Phindu la 10 pa 100 ndi lalikulu zedi, ndipo akatswiri ambiri amapeza lochepera apo kwambiri. Ngakhale kwa iyeyu, matikiti 100 satuluka theka ndi theka nthawi zonse. Akapambana 40 okha, zomwe zimatheka popanda kulakwitsa kulikonse, walandira 44,000 pa 50,000, ndipo waluza 6,000. Kuti luso lioneke pamwamba pa mwayi pamafunika matikiti mazana ambiri, ndi ndalama yopirira nayo miyezi yoipa. Vuto ndi loti kampani imamuzindikira munthu msanga kuposa mmene phindu lake limakhwimira.

Pachifukwa ichi obetcha odziwa amaona akaunti ngati chinthu chokhala ndi moyo waufupi. Amagawa matikiti awo m'makampani angapo a chiphaso, akaunti imodzi pa kampani iliyonse m'dzina lawo lenileni, zomwe n'zololedwa ndipo zimawathandizanso kusankha mtengo wabwino. Koma makampani a chiphaso ali ndi chiwerengero, ndipo onse amayang'ana zizindikiro zofanana. Ena amasamukira ku maligi aakulu kumene malire ndi okwera, koma kumeneko mitengo yolakwika ndi yosowa. Ena amasakaniza matikiti aatali kuti azioneka ngati obetcha wamba, koma tikiti iliyonse yotere ikudya phindu lomwe akufuna kuteteza. Ena amapita kukabetcha ndi ndalama m'manja pa shopu kapena kwa ejenti. Kumeneko palibe dzina, koma nkhope imadziwika, ndipo tikiti yaikulu imafuna chilolezo cha kulikulu. Kunja kuli makampani ochepa amene amati salimbana ndi opambana, ndi misika imene anthu amabetcherana okhaokha, koma mitengo ya kumeneko ndi yothina chifukwa akatswiri onse amakumana komweko, ndipo nkhani ya chiphaso ija imabweranso.

Njira imene imapweteka anthu ambiri ndi yobwereka maina. Woikiridwa malire amatsegula akaunti ina m'dzina la mlongo wake, kapena amalipira mnzake kuti amubwereke chiphaso. Malamulo a makampani amaletsa zimenezi, ndipo makompyuta awo amalumikiza maakaunti poona foni yogwiritsidwa ntchito, nambala yolipirira ndi masewero obetchedwa pa nthawi imodzi. Akagwidwa, matikiti amafafanizidwa ndipo ndalama zikhoza kugwidwa. Apa munthu wachoka pa vuto laling'ono, loletsedwa kubetcha zambiri, n'kulowa pa lalikulu, lotaya zimene anali nazo. Amene wabwereketsa dzina lake ndiye amayankha mafunso, ndipo ndalama ikalowa pa nambala yake, mkangano wa pachibale suchedwa.

Mmene munthu angadziyesere

Nkhani ya malire imapereka muyeso wothandiza kwa wobetcha aliyense. Amene akukhulupirira kuti ndi katswiri atenge kope, alembe tikiti iliyonse: tsiku, masewero, ndalama, mtengo umene anatenga, ndi mtengo wa pa nthawi yoyamba mpira. Alembe zoluza zonse, osati zopata zokha. Akafika pa matikiti 100 awerenge kangati mtengo wake unaposa womaliza. Ngati ndi pafupifupi theka kapena kucheperapo, alibe chimene akudziwa choposa kampani, ndipo m'kupita kwa nthawi aziluza gawo lija la 5 pa 100, kapena loposa ngati amakonda matikiti aatali. Awerengenso ndalama zonse zimene zachoka pa foni yake kupita ku kampani, achotsepo zimene zabwerera.

Palinso chizindikiro china chosavuta. Munthu amene wabetcha zaka ziwiri kapena zitatu, kampani osamuikira malire, m'malo mwake n'kumamutumizira mabonasi ndi mauthenga omuitana, adziwe kuti mabuku a kampaniyo akumuonetsa ngati kasitomala wopindulitsa.

Mfundo imeneyi imakhudzanso anthu amene amagulitsa zolosera pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kumalonjeza matikiti osalephera. Wolosera woona akanakhala kuti waikiridwa kale malire, ndipo omutsatira onse, pobetcha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, akanagwetsa mtengo n'kuikiridwa malire nawonso. Amene akuonetsa zithunzi za matikiti aakulu sabata iliyonse amapeza ndalama yake kwa ogula zoloserazo.

Pomaliza, malonda amenewa anakonzedwa mwanjira yoti woluza akhoza kupitiriza mpaka ndalama yake ithe, pamene wopambana amaimitsidwa phindu lake lisanakule. M'miyezi yogulitsa fodya, thonje, soya ndi nandolo, pamene ndalama imakhala yambiri m'mafoni a alimi a m'mbali mwa mseu wa Cuamba, Mandimba ndi Lichinga, pamabwera maganizo oti gawo lina liyambe lazungulira pa mpira kuti lichuluke nthawi ya feteleza isanafike. Masamu a pamwambawa akusonyeza kuti ndalama ya mbewu, ya feteleza ndi ya sukulu ilibe njira yodalirika yochulukira kumeneko, ngakhale kwa munthu wodziwa mpira kuposa woika mitengo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wofuna kubetcha, ngati wakwanitsa zaka 18, aike ndalama yokhayo imene angaitaye nsima osasowa pakhomo, pa akaunti ya dzina lake, ku kampani ya chiphaso.